Minibasi, chigayo kapena puloti ya ku Chikanda: ndiyambe chiti ndili ku Joni?

Funso: "Ndakhala ku Cape Town zaka 6, ndimagwira ntchito mu hotela ndipo ndimapuma tsiku limodzi lokha pa sabata. Mwezi uliwonse ndimakwanitsa kusunga marandi 5,000. Ndikufuna kuyamba kabizinesi kwathu ku Zomba, koma ntchito sindisiya. Mlongo wanga akuti tigule minibasi, amalume akuti chigayo, komanso malemu bambo anatisiyira puloti ku Chikanda. Ndiyambe chiti?" Mayi wa ku Zomba amene ali ku Joni

Achemwali, ine ndikuti mangani zipinda zogona za lendi za ana asukulu a ku yunivesite pa puloti ija, koma mumange pang'onopang'ono, ndipo musayambe ndi simenti. Ndakhala zaka zambiri kuno ku Zomba ndikulemba mabuku a ndalama a mabizinesi ang'onoang'ono komanso kuyang'anira zomanga za anthu amene ali kunja, choncho ndikufotokozerani chifukwa chake ndi pamene pamaterera.

Munthu amene ali kutali asamayambe ndi kufunsa kuti bizinesi yopindulitsa kwambiri ndi iti. Ayambe wafunsa kuti ndalama zake zizilowa kangati, zizidutsa m'manja mwa yani, ndipo iye angaziwerengere bwanji popanda kudalira mawu a munthu. Minibasi ya pa msewu wa Zomba ndi Limbe imalandira ndalama kambirimbiri pa tsiku, zonse zapamanja, kudzera kwa kondakitala, dalaivala ndi oitanira. Mukhoza kugwirizana kuti dalaivala azipereka ndalama yokhazikika tsiku lililonse, koma akadzakuuzani kuti lero galimoto yagona pa mzere wa mafuta, kapena giya yathyoka ku Namadzi, inu muli pa ntchito mulibe njira yodziwira ngati n'zoona. Chigayo nacho chimodzimodzi: ndowa iliyonse ndi ndalama yapamanja, magetsi akathima ntchito yaima, ndipo sefa, nyundo ndi malamba zimatha nthawi imene simungaidziwiretu. Chigayo chili ndi ubwino umodzi, woti mayunitsi a magetsi amene chadya amakuuzani moyandikira chimanga chimene chagayidwa, koma chimafunabe mwini wake azifikapo sabata iliyonse. Mabizinesi awiriwa si oipa. Ndi a munthu amene amagona m'tauni momwemo.

Chipinda cha lendi n'chosiyana. Mtengo wa bedi umadziwika, chiwerengero cha mabedi chimadziwika, ndipo ndalama imalowa kamodzi pa mwezi kapena kamodzi pa semesita, kuchokera kwa mwana wasukulu kupita ku akaunti yanu ya kubanki osadutsa m'thumba la wachibale. Mukhoza kukhala pa bedi panu usiku mutaweruka, n'kutsegula foni, n'kuona kuti alipira ndani ndipo sanalipire ndani. Komanso Zomba ali ndi chinthu chimene matauni ambiri alibe. Chanco, imene kuyambira 2021 ndiyo yatsala ndi dzina la University of Malawi, ili ku Chirunga kuyambira 1973, ndipo ophunzira ake anachuluka kalekale kuposa mabedi a m'mahositelo a pa sukulupo. Ambiri amagona kunja, ndipo Chikanda ndi amodzi mwa malo amene amawafuna kwambiri chifukwa amayenda wapansi kupita m'kalasi. Puloti yomweyo ikanakhala ku Chinamwali kapena ku Thondwe, bwenzi ndikukuuzani zina, chifukwa mwana wasukulu safuna kulipira kabaza kawiri pa tsiku.

Tsopano puloti ija. Mwanena kuti "anatisiyira", ndipo mawu amenewa ndi amene amandidetsa nkhawa kuposa china chilichonse m'kalata yanu. Malo amasiye si anu nokha ayi. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limapereka gawo kwa mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana onse, ndipo kwathu kuno mukudziwa kuti amalume nawo sangokhala chete pa nkhani ya malo. Lero onse akuuzani kuti mangani, palibe vuto, chifukwa pamalopo pali chinangwa ndi nthochi basi. Tsiku limene padzakhale zipinda zisanu ndi zitatu zolowetsa ndalama, aliyense adzakumbukira kuti naye ndi mwana wa malemu, ndipo sadzakhala akunama. Choncho ntchito yoyamba, imene ingakutengereni miyezi ingapo, ndi ya mapepala. Fufuzani kuti malowo ndi a mtundu wanji: ali ndi chikalata cha umwini chochokera ku Unduna wa Malo, anaperekedwa ndi khonsolo ya mzinda, kapena bambo anagula kwa munthu pamaso pa amfumu n'kungolemberana kakalata. Zikatero banja likhale pansi, ndi loya, mulembe chimodzi mwa ziwiri izi: mwina abale anu akugulitseni magawo awo malowo alembedwe m'dzina lanu, kapena alembe kuti akukubwerekani malowo kwa zaka zakutizakuti pa mtengo wakutiwakuti ndipo nyumba ndi lendi yake n'zanu. Onse asayine, ngakhale wamng'ono amene mukumuona ngati alibe mawu. Wina akakana kusayina, musakwiye naye. Wakuthandizani kudziwa msanga kuti pamalopo simuyenera kuikapo ngakhale buloko limodzi, ndipo ndi bwino kusunga chaka china n'kugula puloti yanuyanu.

Malire aonedwe ndi munthu woyeza malo wovomerezeka, ndipo pulani ya nyumba ipite ku khonsolo ya mzinda wa Zomba kuti akaivomereze musanakumbe maziko. Ambiri amadumpha pamenepa poti aneba nawo anangomanga, koma inu simudzakhalapo tsiku limene kudzabwere kalata yoimitsa ntchito. Ngati pakufunika munthu wokusayinirani, loya akhoza kulemba kalata yopatsa munthu mphamvu zokuimirirani. Kalatayo itchule ntchito zake imodziimodzi, monga kupereka pulani ndi kulembetsa madzi ndi magetsi, ndipo inene poyera kuti sakuloledwa kugulitsa malowo kapena kuwapereka chikole pa ngongole.

Tiwerengere ndalama, poti apa ndi pamene anthu ambiri amadzinamiza. Mitengo imene ndiike pano ndi yongoyerekeza kuti muone mawerengedwe ake. Kwacha ikusintha msanga, ndiye mutume munthu afunse mitengo ya lero m'mahositelo asanu oyandikana ndi puloti yanu, muike manambala enieniwo m'malo mwa anga. Tinene kuti mwamanga zipinda 8, chilichonse cha mabedi awiri, ndiye mabedi 16, ndipo bedi limodzi ndi K60,000 pa mwezi. Munthu wosangalala amachulukitsa 16 ndi K60,000 ndi miyezi 12, n'kupeza K11,520,000 pa chaka. Ngati nyumbayo yadya K40,000,000, amati pa zaka zitatu ndi theka ndalama yabwerera. Sizikhala choncho. Ana asukulu salipira nthawi ya tchuthi, ndiye werengerani miyezi 8. Mabedi sadzaza onse nthawi zonse, wina amachoka pakati pa semesita, wina amathawa ndi ngongole, ndiye werengerani mabedi 14. Zikatero ndalama yolowa ndi K6,720,000. Chotsanipo woyang'anira pa K150,000 mwezi uliwonse kwa miyezi yonse 12, poti nyumba imafuna mlonda kwambiri nthawi imene mulibe anthu, ndiyo K1,800,000. Madzi tinene K80,000 pa mwezi kwa miyezi 8, ndiyo K640,000. Zokonzakonza, monga maloko, mipopi, magalasi ndi penti, patulani pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a ndalama yolowa, K670,000. Msonkho wa kukhonsolo, kupopa chimbudzi ndi tina ndi tina, K400,000. Zotsala ndi K3,210,000, msonkho wa boma usanachotsedwe. Pa liwiro limeneli K40,000,000 ija imabwerera patatha zaka zoposa 12.

Ndikudziwa kuti nambala imeneyi siyosangalatsa, ndipo alongo anu akuuzani kuti minibasi imabweza msanga. Pa pepala akunena zoona. Kusiyana kwake n'koti pakatha zaka 12 minibasi imakhala ili pa miyala kuseri kwa nyumba, pamene hositelo imakhala ilipo, malo akwera mtengo, ndipo lendi mwakhala mukuikweza chaka ndi chaka. Koma mulowe mukudziwa kuti si ndalama yodyera mawa. Mudziwenso kuti sukulu imatha kutsekedwa mwadzidzidzi. Mu 2011 Chanco inakhala miyezi yambiri osaphunzitsa pa mkangano wa ufulu wa aphunzitsi, ndipo mu Marichi 2020 sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha mliri wa korona. Amene anamanga ndi ngongole ya kubanki analira zaka zimenezo, chifukwa chiwongoladzanja sichipita ku tchuthi. N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti mumange ndi malipiro anu okha, osakongola. Pojambula pulani muuzenso wojambulayo kuti zipinda ziwiriziwiri zizitha kulumikizidwa ndi chitseko chimodzi kukhala kanyumba ka banja laling'ono, kuti ana asukulu akasowa muzitha kulowetsa namwino, mphunzitsi kapena wapolisi, poti anthu a ntchito zoterezi ndi ambiri mu Zomba.

Ndi marandi 5,000 pa mwezi muli ndi marandi 60,000 pa chaka, ndipo zipinda 8 simungazimalize chaka chimodzi kapena ziwiri. Jambulitsani pulani ya zonse 8, koma mumange zinayi zoyamba mpaka kumapeto, pamodzi ndi zimbudzi, mabafa ndi kakhitchini kophikiramo, anthu alowe. Cholakwa chimene ndachiona kawirikawiri ndi kuthira maziko a nyumba yonse yaikulu, kukweza zipupa mpaka pa windo, ndalama n'kuthera pomwepo. Chipupa chopanda denga chikapyola dzinja ziwiri za ku Zomba, ndi mvula yathu ya pansi pa phiri ija, chimamera ndere n'kuyamba ming'alu, ndipo sichinakupatseni ngakhale tambala. Zipinda zinayi zomalizidwa zimayamba kugula simenti ya zinayi zotsalazo.

Ndalama zomangira musamazitumize mwezi ndi mwezi kuti zizikudikirani kuno. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anali ataunjika makwacha kuti adzagule malata anapeza kuti ndalama yomweyo ikugula malata ochepa. Sungani marandi anu komweko mpaka akwane gawo limodzi lathunthu la ntchito, kenako tumizani kudzera ku banki kapena ku makampani ovomerezeka monga Mukuru, zinthu zigulidwe sabata yomweyo. Zopatsira dalaivala wa basi kapena mnzanu amene akubwera kumudzi zisiyeni, ngakhale mtengo wosinthira ukhale wokoma, chifukwa zikasowa mulibe pepala lililonse. Tsegulani akaunti ya m'dzina lanu ku banki ya kuno imene mungaiyendetse pa foni, ndipo ikhale ya hositelo yokha. Ndalama ya mankhwala a amayi, fizi ya ana a achemwali anu ndi zamaliro zizidutsa kwina. Zikasakanikirana, pakatha miyezi 6 palibe amene angakuuzeni kuti nyumba yadya zingati, ngakhale munthu wokhulupirika.

Ntchitoyo igawidwe m'magawo oti diso likhoza kuona kuti latha: maziko ndi silabu, zipupa mpaka pa bimu, denga, kenako pulasitala, zitseko, mawaya ndi mapaipi. Mmisiri mugwirizane naye mtengo wa gawo lililonse polemba, osati malipiro a pa tsiku, ndipo azilandira gawo likatha n'kuonedwa. Pa malipiro a gawo lililonse muzisungako kachigawo kakang'ono, monga K10 pa K100 iliyonse, kodzam'patsa mvula yoyamba ikadutsa denga osadontha. Zipangizo muzilipira nokha mwachindunji ku sitolo, kudzera ku banki kapena Airtel Money kapena Mpamba, sitoloyo ikutumizireni chithunzi cha lisiti. Lamulo lalikulu ndi ili: wogula, womanga ndi woyendera ntchito asakhale munthu mmodzi, ndipo asakhale anthu oti amadyera mbale imodzi. Alongo anu akhoza kulandira katundu ndi kusunga kiyi. Mmisiri amange. Woyendera akhale munthu wodziwa zomangamanga amene mukumulipira inu pa ulendo uliwonse, wosadziwana ndi mmisiri, ndipo malipoti ake azibwera kwa inu. Pochita izi simukunyoza alongo anu. Mukuwateteza, kuti tsiku limene matumba asanu a simenti adzasowe pasadzakhale mawu oti ndi iwo.

Pali masamu ochepa amene angakuthandizeni kuona zinthu muli kutali. Buloko la simenti lokhazikika ndi lotalika masentimita 40 ndi msinkhu wa masentimita 20 mukaphatikiza dothi lomangira, ndiye pa sikweya mita imodzi ya chipupa pamalowa mabuloko 12 ndi theka. Chipupa cha mamita 10 m'litali ndi mamita 2.7 m'mwamba ndi masikweya mita 27, ndiye chimadya mabuloko pafupifupi 340, osachotsapo malo a mawindo ndi zitseko. Wina akakuuzani kuti chipupa chotero chadya 500, mufunse kuti enawo ali kuti. Ngati mabuloko akuumbidwa pamalo pomwepo, thumba limodzi la makilogalamu 50 lizitulutsa mabuloko a mainchesi 6 okwana 30 kapena kucheperapo. Akayamba kutulutsa 45 kapena 50 pa thumba, simenti yachepa, ndipo mudzaona m'mphepete mwa buloko mukunyenyeka munthu akakanda ndi msomali. Muuzeni woyendera uja akande pa vidiyo inu mukuona, aponyenso buloko limodzi pansi kuchokera m'chiuno. Mabuloko ndi silabu zizithiriridwa madzi masiku osachepera 7, ndipo apa ndi pamene amisiri othamangira malipiro amaba nthawi. Simenti musagule yambiri yosunga, chifukwa ikakhala miyezi itatu, makamaka nyengo ya chinyezi, imayamba kuundana n'kutha mphamvu. Ngati mwapeza ndalama yapadera ndipo mukuopa kukwera kwa mitengo, gulani malata a geji 28, zitsulo ndi mafelemu, zimene sizionongeka zikasungidwa pouma. Za geji muzionetsetsa, popeza nambala ikamakwera lata limapyapyala, ndipo kugula geji 32 n'kulembetsa lisiti ya 28 ndi kuba kofala kwambiri.

Zithunzi musazikhulupirire kwambiri. Chithunzi chimaonetsa mbali imene wojambula wafuna. Pa tsiku lanu lopuma lija, imbani foni ya vidiyo pa WhatsApp pa ola limene simunanene, muuze munthu ayambire pa msewu, adutse nyumba ya aneba imene mukuidziwa, alowe pa puloti, azungulire nyumba yonse, alowe mosungira katundu awerenge matumba mokweza. Mphindi 15 pa sabata zikukwanira. Pali zinthu zitatu zimene zikakwiririka simudzazionanso, ndiye woyendera akhalepo tsiku lake: kuya kwa maziko asanathire konkire, mankhwala a chiswe ndi pepala la pulasitiki pansi pa silabu, ndi zitsulo za mu bimu. Musaiwale ngalande. Zomba ndi wotsetsereka ndipo madzi amathamanga, tonse tinaona zimene namondwe Freddy anachita m'chigawo cha kummwera mu Marichi 2023. Silabu ikwere bwino pamwamba pa nthaka, ndipo madzi ochokera kumtunda apatsidwe njira yolambalala nyumba.

Ana asukulu posankha pogona amayang'ana madzi, magetsi, chitetezo ndi ukhondo wa chimbudzi, matailosi amabwera pambuyo. Pa anthu 16 ikani zimbudzi zosachepera zitatu ndi mabafa atatu, ndipo dzenje la sepitiki likumbidwe pamalo oti galimoto yopopa ikhoza kufika. Thanki ya madzi ya malita 2,000 kapena kuposa, yokwezedwa pa nsanja, ndi imene imasunga anthu pa hositelo masiku amene mipopi ya Southern Region Water Board yauma. Kasola kakang'ono kounikira m'zipinda ndi kutchajira mafoni ndi malaputopu magetsi akathima kamakopa anthu kuposa penti yokongola. Magetsi a ESCOM ndi olipiriratu, ndipo ndimalangiza kuti mayunitsi azigula okha ophunzirawo posonkherana, chifukwa mukangowaika mu lendi, mbaula zamagetsi ndi zotenthetsera madzi ziziyaka usana ndi usiku. Ndikanakhala inu ndikanasankha kuti hositeloyo ikhale ya atsikana okhaokha, yokhala ndi mpanda, geti lokhoma ndi nyali panja. Makolo a ana aakazi amalolera kulipira mtengo wokwererapo akaona chitetezo, ndipo nthawi zambiri ndi makolowo amene amalipira mwachindunji.

Anthu akalowa, ndalama isamalandiridwe pamanja ndi wina aliyense, ngakhale alongo anu. Wophunzira aliyense asayine kapepala ka mgwirizano kotchula dzina lake, nambala yake ya kusukulu, foni ya kholo, nambala ya chipinda, mtengo ndi tsiku lolipira, ndipo apereke chikole cha mwezi umodzi chodzabwezedwa akatuluka osaononga kanthu. Polipira ku banki azilemba dzina ndi nambala ya chipinda. Amene angathe kulipira semesita yonse pakamodzi muwachotsereko pang'ono, popeza ndalama ya pakamodzi imakuchepetserani ntchito yolondalonda. Ena amadalira ngongole ya boma ya ophunzira, imene siifika tsiku lofanana nthawi zonse, ndiye muike malire omveka, monga masabata atatu, ndipo muwalembe mu mgwirizano kuti woyang'anira asamagamule yekha za amene amukomere mtima.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira pa hositelo ina imene ndinkaisungira mabuku, mwini wake ali kunja ngati inu. Mabedi anali 12, onse olipira bwino ku banki, ndipo mwiniyo anali wokhutira. Koma bilu ya madzi inakwera pafupifupi ndi theka kwa miyezi itatu yotsatizana. Poyamba ndinaganiza kuti paipi yaphulika pansi, ndiye ndinauza munthu atseke mipopi yonse n'kuyang'ana mita, ndipo mita inaima. Madzi sankatayika, ankagwiritsidwa ntchito. Nditapita madzulo osanena, ndinapeza matiresi owonjezera m'zipinda zinayi. Woyang'anira ankalowetsa munthu wachitatu m'chipinda n'kumalandira yekha ndalama yake pamanja. Ndinadzimvera chisoni kuti ndinachedwa miyezi itatu, pamene nambala inali pamaso panga. Kuyambira pamenepo ndimapempha chithunzi cha mita ya madzi pa 1 mwezi uliwonse, ndipo inunso muzitero. Mukadziwa madzi amene anthu 14 amagwiritsa ntchito pa mwezi wabwinobwino, kusintha kulikonse kumakuuzani kanthu: mwina chimbudzi chikudontha, mwina aneba akutunga, mwina anthu achuluka. Muzikhalanso ndi gulu la pa WhatsApp la ophunzira okhaokha ndi inu, mopanda woyang'anira, kuti akhale ndi poyankhulira.

Pamene muli ndi zipinda zinayi zokha, masamu aja amasintha pang'ono. Mabedi 7 olipira kwa miyezi 8 ndi K3,360,000, ndipo woyang'anira wa K1,800,000 akhoza kudya zoposa theka. Pa gawo limeneli ambiri amapereka bedi laulere kapena la theka la mtengo kwa wophunzira wa chaka chachitatu kapena chachinayi kuti aziona za ukhondo ndi kunena zowonongeka, n'kusonkherana ndi aneba pa mlonda wa usiku. Mukadzalemba munthu wa ntchito yokhazikika, mumulipire mosachepera malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa, pa tsiku lake, kudzera pa foni kapena ku banki. Ngati ndi wachibale, alandirenso malipiro olembedwa ngati wina aliyense. Wachibale amene akugwira ntchito ya "tithandizane" amadzilipira yekha mwakachetechete, ndipo mumtima mwake saona kuti walakwa.

Ndalama ya lendi imakhomeredwa msonkho ku Malawi ngakhale mwini nyumba akhale kunja, choncho lembetsani ku MRA mutenge nambala yanu ya msonkho ya TPIN, ndipo musunge malisiti onse a zokonza chifukwa amathandiza powerengera phindu lenileni. Ku khonsolo mukafunsenso za chiphaso choyendetsera malo ogona anthu, ndipo ku ofesi yoona za ophunzira pa yunivesite mukadziwitse kuti muli ndi malo, kuti obwera kumene azikupezani.

Tchuthi chanu chikubwerachi muchigwiritse ntchito pa mapepala a malo aja, kutsegula akaunti, ndi kuyenda wapansi kuchokera pa puloti kukafika pa geti la sukulu mutagwira wotchi. Ngati ulendowo ukupitirira mphindi 25, tsitsani mtengo wa bedi m'masamu anu musanapite kwa wojambula pulani. Mulowenso m'mahositelo atatu kapena anayi oyandikana nanu, mufunse atsikana amene akukhalamo chimene chimawasowetsa mtendere, ndipo mufunse mmisiri amene mukumuganizira akuonetseni nyumba imene anamanga zaka zisanu zapitazo, osati ya chaka chatha, mukaone ngati zipupa zake zili ndi ming'alu pamwamba pa mawindo.